Keke inatha usiku womwewo, ine ndinakhala masiku 6

Anzanga a pa koleji, nkhani iyi ikunena ife, ndipo woyamba kulakwa ndine. Ife ophunzira ndi omaliza kumene maphunziro timagona m'nyumba za anthu pafupipafupi kuposa wina aliyense m'dziko muno. Mayeso a ntchito akaitanidwa ku Lilongwe timagona kwa azakhali, tikapita kukaphunzira ntchito ku Blantyre timagona kwa makolo a mnzathu, ndipo sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi timakagogoda kwa amalume ku Zomba. Koma ngakhale timacherezedwa chonchi, kupereka mphatso sitikudziwa. Ena timafika chimanjamanja n'kumadzitonthoza kuti mlendo ndi mame. Ena timanyamula zinthu zokometsera nkhope yathu pakhomo, pamene nyumba imene tikukalowamo sipindula nazo kanthu. Awiriwa vuto lawo ndi limodzi, onse sanakhale pansi kuwerengera zimene kukhala kwawo kumadya m'thumba la mwini nyumba.

Mwezi wa Juni chaka chatha ndinakhala masiku 6 ku Area 25 mu Lilongwe, kwa makolo a mnzanga wa m'kalasi. Anachita kundiitana okha atamva kuti ndili ndi zochita m'tauni ndipo ndilibe kofikira. Nditatsika basi ndinalowa m'sitolo yaikulu n'kugula keke, mabotolo awiri a zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mabisiketi a ana. Ndinkadziona ngati mwana woleredwa bwino. Amayi analandira ndi manja awiri, ana anadumphadumpha, ndipo mmene timakagona usiku womwewo pambale panali patatsala nyenyeswa zokha. Mphatso yanga inatha m'maola atatu, ine ndidakali ndi masiku ena 5 okhala pakhomopo.

Tsiku lachinayi m'mamawa, ndili kuchipinda, ndinamva amayi akutuma mwana motsitsa mawu. "Pita pa okala, ukawauze andipatse mafuta a m'chubu awiri ndi shuga woyeza, ndiwaona pakutha pa mwezi. Udzere kuseri." Mawu akuti udzere kuseri ndi amene anandilasa. Sankafuna kuti mlendo aone. Ine amene ndinabwera ndi keke ndinali nditalowetsa banja lija m'ngongole ya pa okala, ndipo iwo ankavutikira kundibisira kuti ndisachite manyazi.

Madzulo ake ndinamukoka mnzanga uja tikayende, n'kumupempha kuti andiuze zoona za mmene amakhalira pakhomopo kukakhala kulibe mlendo. Zimene anandiuza zinandiphunzitsa masamu amene sindinawapeze m'kalasi iliyonse.

Ambirife tikamaganiza za mtolo wa mlendo timaganiza za nsima imene akudya. Nsimayo ndi kanthu kochepa. Pakhomo paja anali anthu 6, ndipo thumba la chimanga la makilogalamu 50 limawatha mwezi. Mukagawa, ufa umene ine ndinadya masiku onse aja sunafike makilogalamu 2. Ndikanakhala kuti ndimangodya zimene iwo amadya masiku onse, kukhala kwanga sikukanawapweteka. Chimene chinawadya ndalama n'chakuti ine nditafika, nyumba yonse inasintha kadyedwe, chifukwa mayi wa Chimalawi sangapatse mlendo nkhuku ana ake akudya bonya pambali, ndiponso sangalole mlendo kudya bonya masiku anayi otsatizana.

Masiku wamba m'mamawa iwo amadya phala kapena mbatata yophika, buledi amagula Lamlungu. Ine ndilipo, tsiku lililonse pankabwera malofu awiri a buledi kuti akwanire anthu 7. Masiku 6, malofu 12. Tiyi ankamwedwa m'mawa ndi madzulo, wothira mkaka, ndipo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi imene imawafikitsa masiku 10 inatha m'masiku anayi. Tsiku lofika anagula nkhuku. Masiku otsatira ndiwo zinkasinthana pakati pa nyama, mazira ndi nsomba, zonse zokazinga, choncho botolo la mafuta limene limayenera kufika kumapeto kwa mwezi linauma pakati pa sabata. Juni ku Lilongwe kumazizira, ndipo ine ndinkapeza madzi osamba otentha m'mawa ndi madzulo osafunsa kuti atenthetsedwa ndi chiyani. Anali makala, ogula m'majumbo, chifukwa thumba linali litatha. Ana awiri anachoka m'chipinda chawo kukagona pabalaza. Ine ndinkatchaja foni ndi kompyuta, kusita malaya tsiku ndi tsiku, kuwerenga mpaka pakati pa usiku, pa mita ya magetsi yolipiriratu imene mayunitsi ake amachita kuwawerenga.

Choncho mtengo weniweni wa mlendo ndi kusiyana kwa zimene banja lonse limadya iye akakhalapo ndi zimene limadya iye kulibe, kuchulukitsa ndi masiku amene wakhala. Mphatso yoyenera ndi imene ikugwera pa kusiyana kumeneko. Keke yanga sinagwerepo, pamene ndalama imene ndinawonongera keke, zakumwa ndi mabisiketi ikanatha kugula shuga ndi mafuta amene amayi anakatenga pangongole.

N'chifukwa chiyani timagula keke? Tisanamizane, timagulira nkhope yathu. Jumbo la sitolo yaikulu limauza anthu kuti ife ndi a ku yunivesite, tikudziwa za m'tauni. Kunyamula nyemba m'kathumba ka saka timaona ngati n'kwa agogo ochokera kumudzi. Komatu agogowo ndi amene amaidziwa nkhaniyi. Mayi wa kumudzi akamapita kukacheza kwa mwana wake m'tauni amasenza ufa woyera, mtedza, nyemba, mfutso, mwina ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Sanaphunzire zachuma, koma akudziwa kuti akukawonjezera pakamwa m'nyumba ya eni, ndipo amabweretsa zolowa mumphika. Ife taphunzira n'kutaya nzeru imeneyi, n'kutola m'malo mwake chizolowezi cha anthu opita kukadya mgonero umodzi n'kubwerera kwawo usiku womwewo. Kwa mlendo wa maola awiri keke ndi yokwanira, koma ife timanyamula keke yomweyo tikukagona sabata yathunthu.

Mwezi wa Disembala anandiitananso, ndipo ulendo umenewu ndinachita mosiyana. Ndinagawa mphatso m'zigawo zitatu, yofikira, ya pakati ndi yotsanzikira, chifukwa kukhala kwa masiku angapo kumadya ndalama tsiku ndi tsiku, choncho thandizo siliyenera kuthera pakhomo polowera.

Yofikira ndinayambira panjira. Amene amayenda mumsewu wa M1 kuchokera kum'mwera akudziwa kuti pa Lizulu, pakati pa Ntcheu ndi Dedza, mbatata ya kachewere, tomato, kabichi ndi anyezi zimapezeka zambiri ndiponso motsikirapo mtengo kuposa m'tauni. Ndinagula ndowa yaing'ono ya mbatata, anyezi ndi nyemba makilogalamu 2. Nditafika m'tauni ndinawonjezera shuga makilogalamu 2, mafuta ophikira malita 2, masamba a tiyi ndi sopo wochapira mipiringidzo iwiri. Ana sindinawaiwale, koma mabisiketi awo anali kachinthu kakang'ono pamwamba pa katundu. Zonsezi ndi zinthu zosawonongeka msanga, zimene mayi angazigawe yekha mmene akufunira, ndipo zina zinatsala ine nditachoka.

Kupereka kwake nako kuli ndi njira. Katundu wa kukhitchini amaperekedwa kwa amayi a m'nyumba, osati kwa mnzako amene wakuitana, ndiponso osati kwa abambo. Sindinatulutse zinthu pabwalo anthu oyandikana nawo akuona. Nditapatsidwa moni ndi kukhala pansi, ndinawatsatira amayi kukhitchini, ndinanjuta, n'kupereka ndi manja awiri. Ndinati, "Amayi, ndinadutsa pa Lizulu, ndiye ndinati ndisafike chimanjamanja." Mawu amenewa ali ndi ntchito yake, amaika chifukwa cha mphatso pa ulendo wanga, osati pa kusowa kwawo. Mukanena kuti ndabweretsa izi kuti zikuthandizeni, mwawauza kuti mwaona umphawi wawo, ndipo shuga wanuyo adzawawa m'kamwa.

Ya pakati ndi imene ambiri sitiiganizira n'komwe. Tsiku lachitatu ndi pamene chisangalalo cha kufika kwa mlendo chimakhala chatha ndipo thumba layamba kulira. Tsiku limenelo ndinapita kumsika ndi mnzanga, n'kubwerako ndi usipa wouma, tomato ndi masamba, ngati munthu wa pakhomo amene wangodutsa pamsika. Ndinachita dala kugula usipa m'malo mwa nyama, ndipo ndinawauza amayi kuti ndaulakalaka. Apa ndinawamasula. Mlendo akapempha yekha ndiwo wamba, mwini nyumba amapeza mpata wobwerera ku kadyedwe kake ka masiku onse popanda manyazi. Ndinawauzanso kuti m'mawa ndimakonda phala lothira nsinjiro, ndipo malofu awiri aja anasiya kubwera.

Tsiku lomwelo ndinagula mayunitsi a magetsi. N'zosavuta: mumapempha nambala ya mita kwa mnzanu, mumagula kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mumalandira nambala ya manambala 20 yolowetsa pa mita. Koma funsani kaye. M'nyumba zambiri za lendi mita imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi mabanja angapo amene amasonkherana, ndipo mukalowetsa mayunitsi mwakachetechete mwathandiza mpanda wonse pamene banja lanu lidzasonkhabe gawo lake. Zikakhala choncho, ndi bwino kugula thumba la makala, kapena kumupatsa mnzanuyo ndalama kuti akaike pa msonkhesonkhe wa mwezi umenewo.

Yotsanzikira ndi yokhayo imene ikuloledwa kukhala yokongola. Amayi ndinawagulira chitenje, chifukwa ndi iwo amene ankadzuka m'bandakucha kukoleza mbaula. Ndalama pang'ono ndinaipinda n'kuwapatsa tili awiri, n'kunena kuti ndi ya sopo wa ana. Musafunse kuti ndikusiyireni zingati, chifukwa palibe mayi amene angatchule mtengo wa kuchereza kwake. Musatumizenso ndalamayo pafoni mutakwera kale basi ngati mukulipira malo ogona. Ngati ikuyenera kudutsa pafoni, imbani kaye, thokozani ndi pakamwa, ndalama ibwere pambuyo pa mawu.

Zimene ndinanyamula ku Area 25 sizingagwire ntchito pakhomo lililonse. Lamulo lake ndi lakuti mupite ndi chimene kumeneko amachigula ndi ndalama kapena sachipeza msanga. Mukamapita kumudzi, ufa, nyemba ndi mtedza mwina ali nazo m'nkhokwe, makamaka miyezi yokolola. Kumeneko chosowa ndi cha m'sitolo: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, mafuta odzola, machesi, ndi buledi amene ana amamuyembekeza kwa aliyense wochokera m'tauni. Koma mukapita mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zikakhala zapepuka, ufa makilogalamu 5 umaposa china chilichonse chimene munganyamule.

Mukamapita kunyumba ya anthu opeza bwino, ku Area 47 kapena ku Namiwawa, paketi ya shuga ikhoza kuoneka ngati chipongwe kapena nthabwala. Kumeneko pitani ndi chinthu cha kwanu chimene chili ndi dzina. Wa ku Karonga anyamule mpunga wa Kilombero, wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota nsomba zowamba, wa ku Mulanje nanazi kapena tiyi, wa ku Mzuzu khofi kapena uchi, wa kumudzi kulikonse nkhuku yachikuda. Anthu a ndalama angathe kugula keke ola lililonse, koma nsomba imene mwasankha nokha kunyanja amaikumbukira.

Palinso zinthu zimene mphatso ikhoza kulakwira chifukwa chosafunsa. M'banja la Chisilamu musapite ndi nyama imene simukudziwa kuti inazingidwa bwanji, ndipo za nkhumba musaziyandikize n'komwe. A mpingo wa Seventh-day Adventist sadya nkhumba kapena nsomba zopanda mamba monga mlamba, ndipo ambiri samwa tiyi wa masamba ndi khofi. Mowa musaupereke pokhapokha mukudziwa bwino kuti pakhomopo umamwedwa poyera. Kumene kulibe filiji, chambo chachiwisi chimakakamiza amayi kuphika usiku womwewo ngakhale anali ataphika kale. Kumene abambo ali ndi matenda a shuga, zakumwa zotsekemera ndi mayesero chabe. Zonsezi mungazidziwe ndi funso limodzi kwa amene wakuitanani, musananyamuke: kodi kwanu sadya chiyani, nanga muli anthu angati?

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, chifukwa ndinazimva kale kuhositelo. Mukuti ndikusandutsa ubale malonda, kuti pa chikhalidwe chathu mlendo salipira, ndipo wakuitana ndiye kuti wakonzeka. Inde, mlendo salipira, ndipo n'chifukwa chake ndanena kuti musafunse mtengo. Koma chikhalidwe chomwecho chimene chimaletsa mwini nyumba kudandaula chimalamulanso mlendo kuti asafike chimanjamanja. Malamulo awiriwa amayendera limodzi, ndipo kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Ife tasunga lamulo lotikomera n'kutaya lotilemera. Mwambi wakuti mlendo ndi mame umanena za munthu amene sachedwa kuchoka, ndiye amene wakhala mpaka Loweruka lachiwiri asaubwereke. Kumbukiraninso kuti makolo amene anayambitsa miyambi imeneyi ankachereza alendo ndi chakudya cha m'munda mwawo, nkhuni za m'tchire ndi madzi a pachitsime. Banja la m'tauni limagula chilichonse, kuyambira madzi mpaka moto, ndipo chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a anthu ambiri sakufikanso kumapeto kwa mwezi ngakhale popanda mlendo.

Ena mukuti ndinu ophunzira, mulibe ndalama, ndipo n'chifukwa chake mukukagona kwa anthu. Kwa ena izi ndi zoona, ndipo sindikuwaseka. Koma ambirife amene timanena zimenezi sitisowa ya bando ya intaneti, ya tchipisi pa chiwaya, ya kumeta kapena kumangitsa tsitsi tisananyamuke. Paketi imodzi ya shuga ndi mpiringidzo wa sopo sizingatigonetse ndi njala. Ndipo amene alibiretu ali ndi zinthu ziwiri zimene angapereke. Choyamba ndi tsiku lochoka. Nenani pofika pomwe kuti ndinyamuka Lachisanu, ndipo Lachisanulo nyamukani. Mayi amene akudziwa kuti mlendo akhala masiku anayi amagawa mafuta ake mwa masiku anayi, pamene amene sakudziwa amagona akuwerenga. Chachiwiri ndi manja anu. Tsukani mbale, tungani madzi, sesani, thandizani mwana wa Sitandade 8 masamu ake, chapani zofunda zimene munagonera musanachoke. Anyamata, izi zikukhudza inu kwambiri, chifukwa ndi ife amene timakhala pa sofa ndi limoti m'manja mtsikana wa pakhomopo akutitenthetsera madzi.

Pali njira yodziwira ngati kukhala kwanu kwayamba kupweteka, chifukwa pakamwa sadzakuuzani. Yang'anani kukhitchini. Mafuta akayamba kubwera m'machubu m'malo mwa botolo, ufa ukayamba kugulidwa wa wokumani, makala akamabwera m'kajumbo kamodzi kamodzi, amayi akamati adya kale kapena adyera kukhitchini, ana akamayang'anitsitsa mbale yanu, dziwani kuti bajeti inatha dzana. Pamenepo pitani kumsika tsiku lomwelo, kapena fupikitsani ulendo.

Chimene chili pangozi pano ndi khomo limene mudzalifunenso. Tikamaliza maphunziro ambirife timatha zaka tikuyendera mayeso a ntchito, ndipo kofikira kumakhala komweko. Banja limene munalisiya ndi ngongole silidzakukanizani poyera. Mudzangomva kuti pepani, kunyumba kuno kwabwera alendo ena, kapena foni idzangoitana osayankhidwa. Ndipo chitseko chimenecho chikatsekeka chimatsekekeranso mng'ono wanu ndi mnzanu wina amene akanathandizidwa. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo shuga amene mwasiya m'kabati ya eni mudzamupeza tsiku limene mwatsika basi usiku mulibe kolowera.

Tsiku limene ndinkachoka mu Disembala muja, amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sanachite ulendo woyamba. Anandipatsira mtedza wokazinga m'kabotolo, n'kunena kuti, "Mwanawe, ukadzabweranso usadzavutike n'kuimba, chipinda ukuchidziwa." Ngongole ya pa okala ya mu Juni ija sanaitchulepo mpaka lero, ndipo akuganiza kuti sindinamve.